Kubwerera kumudzi kuchokera ku Joni: mafunso ndi mayankho pa za mpamba, nyumba ndi chodyera

Mafunso awa ndi omwe amamveka kawirikawiri pakati pa Amalawi ogwira ntchito ku South Africa, kaya ndi a m'magalaja, a m'mafamu, a m'mashopu kapena osamala pakhomo pa mabwana. Inenso ndinakhalako zaka zingapo, ndipo ndinaona anzanga akubwerera kumudzi ndi katundu wodzaza ngolo ya basi, koma chaka chisanathe ali pamzere pa Mwanza kudinditsanso pasipoti. Mayankho onse ali m'munsimu akuchokera pa mfundo imodzi: nyumba ndi bizinesi ziyesedwe inu mukadali pa malipiro, osati mutatsika kale basi.

Ndingadziwe bwanji kuti nthawi yobwerera yakwana?

Kutopa kokha si chizindikiro. Aliyense amatopa mu Juni kukamazizira, ndipo aliyense amalakalaka kwawo mu Disembala anzake akamalongedza. Yang'anani zinthu zitatu zomwe mungaloze ndi chala. Choyamba, pali nyumba yoti mukagonemo usiku woyamba popanda kupempha kwa munthu, ndipo mapepala a malowo ali m'dzina lanu. Chachiwiri, pali ndalama yomwe yakhala ikulowa kumudzi mwezi ndi mwezi kwa chaka chathunthu popanda inu kuwonjezerapo kuchokera ku Joni. Chachitatu, muli ndi ndalama ina yapadera yodyera miyezi ingapo, yomwe si mpamba wa bizinesi ndiponso si yomalizira nyumba.

Ndanena chaka chathunthu chifukwa ndalama kwathu imayenda ndi nyengo. Bizinesi yomwe ikuoneka yamoyo mu Meyi ndi Juni, anthu atakolola n'kugulitsa fodya, soya ndi mtedza, imatha kuuma mu Januwale ndi Febuluwale, pomwe aliyense akusaka chimanga. Amene wangoona miyezi yokolola sanaidziwe bizinesi yake.

Ndi ndalama zingati zokwana kubwerera nazo?

Palibe chiwerengero chimodzi cha aliyense, koma njira yowerengera ilipo. Titenge chitsanzo cha banja lomwe bambo amawotcherera zitsulo, mayi amagwira ntchito ya m'nyumba ndipo amadziwa kusoka. Manambalawa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu. Ndalemba m'marandi chifukwa mitengo ya makwacha imasintha msanga.

Tinene kuti akalipira lendi, kugula chakudya, kukwera mathekisi ndi kutumiza kangachepe kwa makolo, awiriwa amatsala ndi R4,000 pamwezi. Pa zaka zitatu, yomwe ndi miyezi 36, asunga R144,000. Ndalamayi imaoneka yambiri ikakhala malo amodzi, ndipo ngozi imayambira pomwepo. Iyenera kugawidwa isanagwiritsidwe ntchito.

Nyumba yawo inaima palinta, ndiye denga, zitseko, mawindo, pulasitala wa zipinda ziwiri ndi chimbudzi zitenga R60,000. Ulendo wa banja lonse pamodzi ndi katundu utenga R11,000. Akafika, banjali lidzafuna ndalama yofanana ndi R3,500 pamwezi pa chakudya, sukulu, magetsi, sopo ndi matenda, choncho miyezi isanu ndi itatu ndi R28,000. Chotsala ndi R45,000. Mpamba weniweni ndi umenewo, osati R144,000.

Ambiri amalumpha gawo la R28,000 lija, amati tikadya phindu la bizinesi. Koma bizinesi yatsopano sibala phindu lodyetsa banja mwezi woyamba. Chomwe chimachitika n'chakuti ndiwo zimagulidwa ndi mpamba, katundu m'shopu amachepa pang'onopang'ono, ndipo mwini amadzazindikira mashelefu ali mbee. Chizindikiro chake n'chosavuta: ngati ndalama yokaodera katundu mwezi uno ikugula zochepa kuposa mwezi watha, mwayamba kudya mbewu.

Ndizisunga m'marandi kapena ndizitumiza kuti zikhale m'makwacha?

Musaunjike makwacha kwa zaka. Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu yemwe anali ndi K11.8 miliyoni kubanki anagona ali ndi ndalama yofanana ndi madola 10,000, n'kudzuka ali ndi yosakwana madola 7,000. M'buku la kubanki simunachoke ngakhale tambala, koma simenti, malata, feteleza ndi zipangizo za galimoto zinakwera.

Nzeru yake ndi yotumiza ndalama pamene ntchito yake yakonzeka, kuti isanduke njerwa, malata kapena chida m'masabata ochepa. Yotsalayo ikhale mu akaunti ya dzina lanu. Mabanki ena a ku Malawi ali ndi maakaunti a Amalawi okhala kunja osungiramo ndalama zakunja, ndipo ndi bwino kufunsa za zimenezi mukabwera kutchuthi muli ndi chitupa cha unzika cha NRB, chifukwa popanda chitupachi n'kovuta kutsegula akaunti kapena kulembetsa nambala ya foni.

Amene alibe pemiti nthawi zambiri sangatsegule akaunti ku South Africa, ndipo amasunga m'chipinda kapena kwa bwana. Zonsezi n'zoopsa. Zipinda zimathyoledwa, misasa imapsa, ndipo mu 2008, 2015 ndi 2019 anthu anathawa ziwawa zodana ndi obwera atangovala zomwe anali nazo pathupi. Kwa munthu wotere kuli bwino kutumiza pafupipafupi kudzera m'njira zopereka lisiti monga Mukuru, ndalamayo n'kumagula zinthu zosawola. Kupatsira kwa a thiransipoti kapena kusintha kwa a pamsewu kumakopa chifukwa cha mtengo, koma kusintha pamsewu n'kosaloledwa ndipo ndalama ikasowa mulibe pepala lopita nalo kulikonse. Dziwaninso kuti malamulo a South Africa amaika malire pa marandi a m'manja omwe munthu angatuluke nawo.

Ndapeza puloti yotsika mtengo kudzera pa WhatsApp. Ndigule?

Musalipire malo omwe inu kapena munthu wanu wopanda ubale ndi wogulitsayo sanapondepo. Vuto lofala kwambiri ndi puloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri kapena atatu, ndipo amene amaluza ndi wakutali, chifukwa mnzakeyo amakhala wathira kale maziko. Lina ndi munda wa banja womwe mwana mmodzi wagulitsa abale ake osadziwa. Mlanduwo umadzuka nyumba itafika pawindo.

Yambani ndi kufunsa kuti malowo ali m'manja mwa ndani. Ngati ndi a lizi, pali nambala ya puloti ndi chikalata, ndipo ku ofesi ya Unduna wa za Malo mungafufuzitse kuti mwini wake ndani komanso ngati malowo sanaperekedwe chikole kubanki. Kugula kumatha pokhapokha dzina litasinthidwa kukhala lanu. Ngati ndi a khonsolo ya mzinda kapena a Malawi Housing Corporation, kusintha dzina kumachitikira kumeneko, ndipo funsani ngati palibe ngongole ya msonkho wa malo. Ngati ndi malo a mafumu, kalata ya amfumu ndi yofunika koma siyofanana ndi chikalata cha boma. Pakhale akuluakulu a banja logulitsa, eni minda yoyandikana nayo aone malire, onse asayine, kenaka yambani kulembetsa malowo motsata lamulo la malo a makolo la 2016.

Mukatha kugula musawasiye chabe. Bzalani mitengo m'malire, ikani zipilala, wina azilimapo. Malo a tchire amaitana anthu.

Pali nkhani ina yomwe anthu amachita nayo manyazi. Kumadera a chikamwini, bambo akamanga pamudzi pa mkazi wake, nyumbayo ili pa nthaka ya akuchikazi. Kumadera a chitengwa ndi a malowolo, mayi yemwe wathira thukuta lake panyumba ya kwa mwamuna amakumana ndi zomwezo ukwati ukatha kapena mwamuna akamwalira. Ngati ndalama ndi ya nonse awiri, kambiranani poyera, ndipo ngati n'kotheka gulani malo apadera, mayina onse awiri alembedwe.

Ndani andimangire nyumba ine kulibe? Achimwene akuti ndiwasiyire zonse.

Funso ili ndi lomwe lapasula maubale ambiri. Ine ndinatumizapo ndalama ya denga kwa munthu yemwe ndinkamukhulupirira, zithunzi zinabwera, koma nditafika ndinapeza mbali imodzi yokha ndiyo yofoleredwa. Sanali wakuba. Panagwa maliro, panadwala mwana, ndipo ndalama yanga ndi yomwe inali pafupi. M'bale yemwe akusunga ndalama yambiri pakati pa mavuto a tsiku ndi tsiku mwamusenzetsa mtolo wolemera.

Choncho gawani ntchito. Wogula zipangizo asakhale yemweyo woyang'anira, ndipo mmisiri asasunge ndalama ya zipangizo. Simenti, malata ndi zitsulo lipirani mwachindunji kushopu, lisiti ibwere pafoni yanu, m'bale angokatenga katundu. Mmisiri mugwirizane naye pa pepala mtengo wa gawo lililonse: maziko, kufika pawindo, linta, denga, pulasitala. Gawo likatha ndipo mwaliona, ndiye alandire. Kuona kwake kusakhale kwa zithunzi zotumizidwa. Imbani foni ya kanema, woyang'anirayo ayambire kumsewu, aonetse mtengo kapena nyumba yoyandikana yomwe mukuidziwa, azungulire mbali zonse zinayi, awerenge matumba otsala inu mukuona. Ndipo m'bale woyang'anirayo muzimulipira yake yodziwika pamwezi. Zimenezi zimachotsa maganizo akuti akugwira ntchito yaulere pomwe inu mukudya bwino ku Joni.

Simenti musagule yambiri nthawi imodzi poopa kukwera kwa mtengo, chifukwa ikakhala miyezi, makamaka nthawi ya mvula, imagwirana n'kukhala miyala. Malata, zitsulo ndi mafelemu ndi zomwe zimapirira kusungidwa. Makoma akwere m'chilimwe ndipo denga likhalepo mvula ya Novembala isanayambe. Khoma la njerwa lomwe lavumbwa dzinja lonse lopanda denga limadzafuna ndalama ina yokonzera.

Kukula kwa nyumba nako kumagwetsa anthu. M'matauni mwathu mwadzaza zimphona za zipinda zisanu zomwe zinaima palinta, udzu utamera m'kati, eni ake akadali kunja. Nyumba ya zipinda ziwiri yomalizidwa, yokhala ndi chimbudzi, madzi pafupi ndi chitseko chokiya, ingakulandireni mawa. Yaikuluyo mudzawonjezera muli pomwepo. Fomu ya magetsi ku ESCOM ndi ya madzi perekani msanga, chifukwa kulumikiza kumatha kutenga miyezi.

Ndikufuna kugula njinga zamoto ziwiri za kabaza kuti zizindidyetsa. Zikwana?

Tiwerenge ndi banja lija. Tinene kuti njinga imodzi yagulidwa pa ndalama yofanana ndi R18,000, ndipo mnyamata woyendetsa amapereka R70 patsiku kwa masiku 26. Pamwezi ndi R1,820, ndipo pamenepa ndi pomwe ambiri amasiyira kuwerenga. Koma oyilo, matayala, tcheni, mabuleki, inshulansi ndi mapepala a pamsewu zimadya, tinene, R500 pamwezi. Komanso njinga ya kabaza imatha. Ngati ikhala zaka ziwiri, muyenera kupatula R750 mwezi uliwonse kuti mudzagule ina. Chotsala chodyera ndi R570. Njinga ziwiri ndi R1,140, pomwe banja likufuna R3,500, ndipo R36,000 mwa R45,000 ya mpamba ija yapita. Sitinawerengere tsiku lomwe njinga yagwidwa, yachita ngozi kapena yabedwa.

Sindikunena kuti kabaza ndi woipa. Ndikunena kuti ndalama yomwe imalowa m'manja si phindu. Kuwerenga komweku kuchitike pa minibasi, pa nkhuku ndi pa chigayo. Pa chigayo cha magetsi onjezani funso lina musanagule makina: kodi pamalopo pali magetsi amphamvu a mafezi atatu, ndipo thiransifoma ili patali bwanji? Pali zigayo zomwe zakhala m'mabokosi chifukwa funsoli linabwera mochedwa.

Banja lathuli likanachita bwino kugula njinga imodzi chaka chimodzi lisananyamuke, kuti lione ngati R70 ija imafikadi, ndalamayo izilowa pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku ndi tsiku kuti pakhale umboni. R27,000 yotsalayo ipite ku luso lomwe ali nalo kale: makina owotcherera, chopalira zitsulo, makina osokera ndi zipangizo zoyambira. Pa ntchito ya manja anu palibe woyendetsa wogawana naye, ndipo palibe angakunamizeni mtengo wa chitsulo. Pa ulendo wa tchuthi womaliza, bamboyo ayende pamalo pomwe akufuna kukhazikika, awerenge owotcherera omwe alipo kale, afunse mtengo wa geti ndi felemu la windo, aone kuti magetsi amazima kangati pa sabata. Ngati n'kotheka apangire anthu awiri kapena atatu ntchito, kuti dzina liyambe kumveka.

Njira ina yomwe yathandiza mabanja ndi yoti mmodzi atsogole. Mayi abwere ndi ana, ayambe kusoka, akhale m'nyumbamo, pomwe bambo akadalandira kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka. N'zowawa, koma cholakwika chilichonse chimakonzedwa malipiro akadalipo.

Kuntchito ndichoke bwanji kuti ndisasiye ndalama zanga?

Musangosowa. Lamulo la ntchito la South Africa limati wogwira ntchito kopitirira chaka apereke notisi ya masabata anayi, ndipo kwa a m'nyumba ndi a m'mafamu masabata anayiwo amayamba kugwira ntchito mukapitirira miyezi isanu ndi umodzi. Pochoka muyenera kulandira ndalama ya masiku a tchuthi omwe simunapume, ndi kalata yosonyeza kuti munagwira ntchito yanji kwa nthawi yaitali bwanji. Kalatayi isungeni, idzakuthandizani pofunsira ntchito kapena kontirakiti kwathu.

Ngati pa pepala la malipiro pamadulidwa UIF, dziwani kuti wosiya ntchito mwa kufuna kwake salandira ndalama ya ulova. Amalandira ndi amene wachotsedwa kapena kontirakiti yake yatha, ndipo pamafunika fomu ya UI-19 yochokera kwa bwana. Choncho ngati kontirakiti ikutha miyezi itatu ikubwerayi, kudikira kuli ndi phindu.

Ngati pamadulidwa ya penshoni kapena pulovidenti, funsani dzina la thumbalo ndi nambala yanu ya umembala mukadali pantchito. Kuyambira pa 1 Sepitembala 2024 ndalama zatsopano zimagawidwa pawiri: gawo limodzi mwa atatu lomwe mungatapeko, ndi magawo awiri omwe amadikira kupuma pantchito, ngakhale pali njira yapadera kwa mlendo amene akuchoka chifukwa pemiti yake yatha. Pamafunika nambala ya msonkho ya SARS, ndipo msonkho umadulidwa, ndiye musawerengere ndalama yonse yolembedwa pa sitetimenti. Akaunti ya kubanki ndi nambala ya foni musatseke mpaka ndalamayo italowa. Tonse tikudziwa agogo athu a ku Theba omwe akalamba akuyendera ndalama za m'migodi, ambiri mapepala atatayika kale. Jambulani pepala lililonse, lina musunge pa foni, lina mutumize kumudzi.

Katundu ndi galimoto ndingalowe nazo popanda msonkho?

MRA ili ndi dongosolo la nzika zobwerera kwawo zitakhala kunja kwa miyezi 12 kapena kuposerapo. Limakhudza katundu wa m'nyumba yemwe munali kugwiritsa ntchito, ndi galimoto yomwe yakhala m'dzina lanu kwa chaka. Katundu wogulitsa sali m'gululi, ndipo mafiliji atatu atsopano m'makatoni adzaonedwa ngati malonda. Galimoto yogulidwa mwezi wonyamuka, kapena yolembedwa dzina la mnzanu, idzalipira msonkho wonse. Lemberani a MRA katundu asanakwere, chifukwa malamulowa amatha kusintha ndi bajeti ya chaka, ndipo konzani umboni woti munalidi kunja mwalamulo: pasipoti, pemiti, kalata ya kuntchito. Galimoto imafunanso chikalata cha apolisi cha SARPCCO chosonyeza kuti si yobedwa.

Werengani bwino mtengo wonyamulira. Njira ya Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza kapena Dedza ndi yaitali, ndipo sofa yakale ingadye ndalama yoposa yogulira ina kwa kalipentala wa kwanu. Malo m'ngolo apatseni zida zogwirira ntchito. Lembani mndandanda wa katundu yense, wonyamula asayine.

Masiku anga ololedwa kukhala ku South Africa anatha kalekale. Nditani?

Wopitirira masiku ndi osakwana 30 amaletsedwa kulowanso South Africa kwa chaka, ndipo wopitirira masiku oposa 30 amaletsedwa zaka zisanu. Tanthauzo lake n'lakuti kwa inu khomo likatsekeka latsekeka, ndiye ndalama yodyera ikhale ya chaka, osati ya miyezi isanu ndi itatu. Ngati pasipoti inatayika kapena inatha, pitani ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku Johannesburg mukapeze chikalata choyendera. Komanso munthu wopanda mapepala angagwidwe tsiku lililonse n'kupezeka ali ku Lindela, komwe amasungirako obwera odikira kubwezedwa kwawo, choncho munthu mmodzi wodalirika adziwe komwe kuli katundu wanu ndi zomwe bwana akusungirani.

Mwezi wabwino wofika ndi uti?

Ambiri amabwera mu Disembala chifukwa ndi pomwe mafakitale amatseka, koma ndi nthawi yovuta kuyamba moyo. Mabasi amadula, mvula yayamba, kubzala kwadutsa, chimanga chikukwera mtengo, ndipo chikondwerero chimadya ndalama. Kufika pakati pa Epulo ndi Juni kuli bwino. Mumagula chimanga cha chaka chonse pa mtengo wotsika n'kuthira mankhwala, anthu ali ndi ndalama zolipirira geti kapena diresi, ndipo muli ndi chilimwe chonse chomalizira nyumba ndi kukonza munda.

Kwa ana, sukulu ku South Africa imayamba mu Januwale pomwe kwathu imayamba mu Sepitembala. Tengani malipoti ndi kalata yosamutsira, ndipo miyezi yapakatiyo mwana aphunzire kuwerenga ndi kulemba Chichewa, makamaka ngati akuyandikira mayeso a Sitandade 8. Amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, pemphani kalata yosamutsira kuchipatala ndi mankhwala okwana kufikira mutalembetsa kwanu. Gulaninso maneti. Thupi lomwe lakhala zaka ku Gauteng kapena ku Cape Town limakhala litaiwala malungo, ndipo ana obadwira kumeneko sanakumanepo nawo. Kutentha thupi kulikonse m'miyezi yoyamba, thamangani mukayezetse tsiku lomwelo.

Abale akuyembekezera zambiri kwa ine. Ndiwayankhe chiyani?

Yambani kuwakonzekeretsa chaka chisanafike. Auzeni mwezi womwe mudzasiye kutumiza, ndipo chepetsani pang'onopang'ono m'malo modula kamodzi. Amene mukuwalipirira sukulu muwawerengere m'bajeti mpaka chaka chomwe adzamalize, chifukwa fizi siidzaima inu mukafika. Makolo okalamba nawo alowe m'ndalama ya pamwezi ija ngati anthu a m'nyumba mwanu.

Patulani kandalama kodziwika ka maliro, matenda ndi mphatso zofikira, ndipo mukhale nako pa akaunti ina. Ngongole kwa abale m'miyezi yoyamba ikanike mwaulemu, ngakhale kwa amalume: «Amalume, ndalama yomwe ndabwera nayo ili m'makina ndi m'denga, yomwe ndingathe ndi iyi.» Mupereke yochepayo ngati mphatso, osati ngongole yoti mudzalonjerere. Mpamba wonse musauulule pagulu. Odziwa akhale inu ndi akunyumba kwanu, ndipo nonse awiri mudziwe pomwe pali mapepala a malo, a kubanki ndi a penshoni.